Mafunso ndi mayankho: kufufuta ngongole yakufa ndi kuika alawansi ya ngongole zokayikitsa

Chaka chikamatha, eni mabizinesi ndi olemba mabuku a ndalama kuno ku Salima amakhala ndi funso limodzi lobwerabwera: ndalama zomwe zili kwa makasitomala tizilemba zingati pa balansi shiti, poti ena mwa iwo tikudziwa kuti sadzabweza? Mayankho ali m'munsiwa atsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Ndi bizinesi ya mpunga ya pa Kamuzu Road, yomwe imagula mpunga ku Lifuwu, kuupititsa kuchigayo, n'kumaugulitsa pa ngongole ku maloji, masukulu ogonera konko ndi magolosale. Chaka chake cha ndalama chimatha pa 31 Disembala. Ziwerengero zonse za bizinesiyi ndi zachitsanzo chabe.

Kodi kufufuta ngongole ndi kuika alawansi si chinthu chimodzi?

Ayi. Zonse ziwiri zimadya phindu, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza, koma zimayankha mafunso osiyana.

Mumafufuta ngongole mukatsimikiza kuti ndalamayo yalowa m'madzi. Mukudziwa dzina la wokongolayo, mukudziwa kuchuluka kwake, ndipo mwayesa zonse zakanika. Ngongoleyo imachotsedwa mu akawunti ya munthuyo, ndipo chiwerengero chonse cha ngongole za makasitomala chimatsika.

Alawansi ndi ya ngongole zomwe mukuzikayikira koma simunazitaye. Akawunti ya kasitomala simuyikhudza ngakhale pang'ono. Ngati ali ndi ngongole ya K2,500,000, sitetimenti yomwe mumutumizire mwezi wamawa ionetsabe K2,500,000. Chomwe mumachita ndi kutsegula akawunti ina yapadera, yokhala ku kirediti, yomwe pa balansi shiti imachotseredwa pa ngongole zonse pamodzi. Mu mapulogalamu a pakompyuta mungaipeze ndi dzina loti `Allowance for doubtful debts`.

Zili ngati matumba a mpunga omwe mvula yawadonthera m'nyumba yosungira katundu. Thumba lomwe laoleratu mumalitulutsa n'kulichotsa m'kaundula. Ena omwe angochita chinyezi amakhala momwemo, mumawawerengabe, koma munthu wanzeru sawaika pa mtengo wa mpunga wouma.

Tionetseni ndi ziwerengero. Balansi shiti imasintha bwanji?

Pa 31 Disembala chaka choyamba, buku la okongola la bizinesi yathu likuonetsa K18,400,000. Polemba mndandanda, wolemba mabuku wapeza zinthu ziwiri zofunika kuziona pazokha.

Choyamba ndi golosale ina ya ku Chipoka, yomwe ili ndi ngongole ya K900,000. Invoisi yake yatha miyezi 14. Shopuyo inatsekedwa, m'nyumbamo muli wina wogulitsa zovala za kaunjika, nambala ya foni sikupezeka, ndipo kalata yomwe anatumiza inabwerera. Iyi ndi yofufuta. Polemba m'mabuku, Dr ikuimira mbali ya debiti ndipo Cr mbali ya kirediti.

```
Dr  Ngongole zakufa              900,000
Cr  Okongola (golosale, Chipoka)         900,000
```

Buku la okongola latsika kufika pa K17,500,000, ndipo phindu la chaka latsika ndi K900,000.

Chachiwiri ndi loji ina ya ku Senga Bay yomwe ili ndi K2,500,000. Iyi ikugwirabe ntchito, mwini wake amayankha foni, koma patha miyezi isanu asanalipire kalikonse, ndipo zamveka kuti antchito ake sanalandire malipiro a miyezi iwiri. Mwini bizinesi ya mpunga akuona kuti mwina adzapezapo K1,500,000 yokha. Apa simufufuta. Mumaika alawansi ya K1,000,000 pa dzina la lojiyo. Pa makasitomala ena onse otsala, omwe ngongole zawo ndi K15,000,000, bizinesi yawerengera alawansi ya K840,000, ndipo momwe yaipezera tifotokoza mu funso lotsatira. Zonse pamodzi ndi K1,840,000.

```
Dr  Ngongole zokayikitsa (zoluza)   1,840,000
Cr  Alawansi                                  1,840,000
```

Tsopano pa balansi shiti zioneka chonchi:

```
Ngongole za makasitomala     17,500,000
Kuchotsa alawansi             1,840,000
Zotsala                      15,660,000
```

Onani bwino pomwe chilichonse chagunda. Kufufuta kwatsitsa mzere wapamwamba, kuchoka pa K18,400,000 kufika pa K17,500,000. Alawansi siinaukhudze mzere umenewo, yangotsitsa wapansi. Mukaphatikiza maakawunti a makasitomala onse m'buku mupeza K17,500,000 ndendende, osati K15,660,000, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Wolemba mabuku yemwe amayesa kufananitsa buku la okongola ndi mzere wapansi amachezera usiku wonse kufunafuna vuto lomwe kulibe.

Pa phindu, chaka choyambachi chaluza K900,000 kuphatikiza K1,840,000, zomwe ndi K2,740,000. Zalemera chonchi chifukwa kanali koyamba kuika alawansi. Zaka zotsatira sizikhala choncho.

Nanga K840,000 ija yachokera kuti? Peresenti timaitenga kuti?

Mumayamba ndi kugawa ngongole potengera ukalamba wake, kuwerenga kuchokera tsiku lomwe inayenera kulipidwa, kapena tsiku la invoisi ngati ndi momwe mumachitira chaka ndi chaka. Kenaka gulu lililonse mumalipatsa peresenti yake.

| Ukalamba wa ngongole | Ndalama | Peresenti | Alawansi |
|---|---|---|---|
| Masiku 30 kutsika m'munsi | K9,000,000 | 1% | K90,000 |
| Masiku 31 mpaka 90 | K4,000,000 | 5% | K200,000 |
| Masiku 91 mpaka 180 | K1,500,000 | 20% | K300,000 |
| Kupitirira masiku 180 | K500,000 | 50% | K250,000 |
| Zonse | K15,000,000 | | K840,000 |

Maperesentiwa musawakopere pano ayi, kapenanso kwa mnzanu wa hadiweya. Amachokera m'mabuku anu omwe. Tengani mndandanda wa okongola wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, muone kuti mwa ndalama zomwe zinali m'gulu la masiku 91 mpaka 180, ndi zingati zomwe sizinabwere mpaka lero. Ngati pa K2,000,000 panatayika K400,000, ndiye 20% yanu imeneyo. Ndi ntchito yotopetsa ya masana onse, koma ikachitika kamodzi zaka zotsatira mumangowonjezerapo.

Mbiri yokha siyikwanira. Malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama otchedwa IFRS 9, omwe anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, amafuna kuti muonenso momwe zinthu zilili panopa ndi momwe zikulowera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, wogulitsa aliyense akanayenera kudzifunsa ngati magolosale ang'onoang'ono adzalipirabe monga kale. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ena ogona alendo m'mbali mwake, yemwe amapereka katundu ku maloji sakanayenera kudalira peresenti ya zaka zomwe nyanja inali m'malo mwake. N'chifukwa chake ndi bwino kupatula makasitomala m'magulu: maloji paokha, masukulu paokha, magolosale paokha, poti chomwe chimagwetsa gulu lina sichikhudza linzake.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. IFRS 9 imafuna alawansi ngakhale pa ngongole zatsopano zomwe sizinachedwe, monga 1% ija ya mzere woyamba. Makampani ang'onoang'ono omwe amatsata malamulo a IFRS opangidwira mabizinesi ang'ono ndi apakati amaika alawansi pakakhala umboni wooneka kuti ngongole yavuta, monga kuchedwa kulipira kapena mavuto a zachuma a wokongolayo. Akawuntanti wanu wa ICAM, bungwe la maakawuntanti m'dziko muno, akuuzani kuti mabuku anu amatsata ati.

Chiyambe ndi chiti, kufufuta kapena kuwerengera alawansi?

Kufufuta. Kenaka alawansi ya pa dzina, ndipo pomaliza peresenti pa zotsala. Mukasokoneza ndondomekoyi mumaluza ndalama imodzi kawiri. K900,000 ya ku Chipoka ikanatsala m'gulu lopitirira masiku 180, ikanatenganso alawansi ya K450,000 pamwamba pa kufufutidwa. Chimodzimodzi lojiyo: poti yalandira kale K1,000,000 yakeyake, K2,500,000 yake isalowenso m'gulu la 20%.

Alawansiyo ndi ndalama zomwe timaika padera kubanki?

Ayi, palibe tambala yomwe imasuntha. Ndi chiwerengero cha m'mabuku chabe, chochepetsa mtengo wa ngongole kuti balansi shiti isaname. Kufufutanso sikutulutsa ndalama m'kabati. Ndalamazo zinatuluka kale tsiku lomwe matumba a mpunga anakwera galimoto.

Chaka chotsatira, ngongole yomwe tinaikayikira ija yafadi. Tilembe bwanji?

Apa ndi pomwe mabuku ambiri amasokonekera, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

M'chaka chachiwiri loji ija yalipira K1,300,000 m'magawo atatu, kenaka yatsekedwa, katundu wake banki yalanda, ndipo kwa ogulitsa mpunga sikunatsale kanthu. Ngongole yotsala ndi K1,200,000, ndipo tsopano ndi yofufuta. Koma kumbukirani kuti K1,000,000 mwa iyo tinaichotsa kale pa phindu la chaka chatha. Chomwe chaka chino chiyenera kumva ndi K200,000 yokha, yomwe tinaperewera poyerekeza.

```
Dr  Alawansi                   1,000,000
Dr  Ngongole zakufa              200,000
Cr  Okongola (loji, Senga Bay)           1,200,000
```

Taonani zomwe zachitika pa balansi shiti tsiku limeneli. Tisanafufute, lojiyo inali ndi K1,200,000 pa mzere wapamwamba, K1,000,000 mu alawansi, ndiye pa mzere wapansi inkangowerengedwa K200,000. Titafufuta, mzere wapamwamba watsika ndi K1,200,000, alawansi yatsika ndi K1,000,000, ndipo wapansi watsika ndi K200,000 basi. Tikanakhala kuti tinalosera ndendende, mzere wapansi sukanasuntha n'komwe, ndipo phindu la chaka chachiwiri silikanakhudzidwa. Anthu ambiri amadabwa nazo zimenezi, kuti ngongole yaikulu chonchi ingafufutidwe phindu osatsika. Koma cholinga cha alawansi ndi chimenecho: kuluzako kulembedwe m'chaka chomwe vuto linaoneka, osati chaka chomwe mwini bizinesi watopa kuimba foni.

Mu akawunti ya alawansi mwatsala K840,000. Pa 31 Disembala chaka chachiwiri ngongole za makasitomala zafika K21,000,000, ndipo titagawanso mwa ukalamba tapeza kuti alawansi yofunika ndi K1,150,000. Simulemba K1,150,000 yonse ngati zoluza. Mumangowonjezera kusiyana kwake, K310,000.

```
Dr  Ngongole zokayikitsa (zoluza)   310,000
Cr  Alawansi                                310,000
```

Balansi shiti ionetsa K21,000,000 kuchotsa K1,150,000, kutsala K19,850,000. Zoluza za chaka chachiwiri ndi K200,000 kuphatikiza K310,000, zomwe ndi K510,000.

Ife kukoleji anatiphunzitsa kuti ngongole yakufa yonse imapita ku zoluza. Ndiye ndi ziti zolondola?

Zonse ziwiri, bola mumalize. Njira yomwe mukunenayo imati lembani K1,200,000 yonse ku ngongole zakufa, alawansi muisiye osaikhudza mpaka kumapeto a chaka. Tsiku lotseka mabuku alawansi ikhala ikadali pa K1,840,000, pomwe yofunika ndi K1,150,000. Ndiye mumaitsitsa ndi K690,000, ndipo kutsitsako kumabwezera phindu. K1,200,000 kuchotsa K690,000 ndi K510,000, chimodzimodzi ndi njira yoyamba ija. Balansi shiti nayonso ithera pa K19,850,000.

Vuto limabwera munthu akayenda theka la njira. Walemba K1,200,000 yonse ku zoluza, kenaka pa 31 Disembala walembanso K1,150,000 yatsopano osayang'ana kuti mu akawunti ya alawansi muli kale ndalama. Zoluza zafika K2,350,000 m'malo mwa K510,000, ndipo alawansi yatupa kufika K2,990,000. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: alawansi imangokwera chaka ndi chaka osatsikapo, mpaka imaposa ngongole zonse zomwe zadutsa masiku 90. Mukaona zotere, yambani kufufuza kuchokera chaka chomwe akawuntiyo inatsegulidwa.

Kwa ife njira yoyamba ndi yabwinoko pa bizinesi yomwe imatulutsa malipoti mwezi ndi mwezi, chifukwa yachiwiriyi imachititsa mwezi wofufutawo kuoneka woipa kwambiri, Disembala n'kuoneka wokoma mopitirira.

Tikafufuta, ndiye kuti tamukhululukira? Tisiye kumulondola?

Ayi. Kufufuta ndi nkhani ya m'mabuku anu, ndipo wokongolayo sayenera n'kudziwa komwe. Ngongole ikadalipo pamaso pa lamulo. Mukhoza kupitiriza kumulembera makalata, kupita naye kukhoti, kapena kugwirizana naye kuti azilipira pang'onopang'ono. Chomwe chimatha ndi nthawi: pa ngongole ya mgwirizano wamba, lamulo la m'dziko muno limapereka zaka 6 zoti munthu akasume. Choncho sungani kaundula wina wa ngongole zofufutidwa, wokhala ndi ma invoisi ndi mapepala omwe wolandira katundu anasainira. Mapepala amenewa ndi omwe amasowa msanga, makamaka akakhala kuti ankayenda ndi dalaivala.

Kukhululuka ndi kwina. Mukamuuza munthu kuti alipire K600,000 ndipo zotsalazo zithere pomwepo, n'kusainirana, gawo lotsalalo lafa ndithu ndipo mulifufute tsiku lomwelo.

Munthu yemwe tinamufufuta wabwera ndi ndalama. Tizilowetse pati?

Tiyerekeze kuti m'chaka chachitatu mwini golosale ya ku Chipoka uja watulukira, wabweretsa K400,000. Akawunti yake ili pa ziro. Mukangolemba kirediti mmenemo, ionetsa ngati inu ndi amene muli naye ngongole, ndipo idzatsitsa chiwerengero chonse cha okongola popanda chifukwa. Njira yabwino ndi kuidzutsa kaye ngongoleyo, kenaka kulandira ndalama.

```
Dr  Okongola (golosale, Chipoka)   400,000
Cr  Ngongole zakufa zobwezedwa             400,000

Dr  Banki                          400,000
Cr  Okongola (golosale, Chipoka)           400,000
```

Ngongole za makasitomala pa balansi shiti sizinasinthe, ndalama kubanki zakwera ndi K400,000, ndipo phindu la chaka chachitatu lakwera ndi K400,000. Mabuku a chaka choyamba simuwatsegulanso, chifukwa chiganizo chofufuta chinali cholondola potengera zomwe zinkadziwika nthawi imeneyo. Ena amadumpha n'kulemba banki ndi zobwezedwa mwachindunji, ndipo masamu ake amafanana, koma kudutsa mu akawunti ya munthuyo kumasiya mbiri yoti analipirako. Tsiku lomwe adzabwere kudzapempha matumba ena mudzaifuna mbiri imeneyo. K500,000 yotsalayo musaidzutse chifukwa choti walonjeza pakamwa. Dikirani ifike.

Kodi ngongole iliyonse yokalamba ndi yokayikitsa?

Ayi, ndipo musanaike peresenti iliyonse sefani kaye mndandanda, chifukwa m'gulu lopitirira masiku 180 mumabisala zinthu zambiri zomwe si ngongole n'komwe.

Chofala kwambiri ndi msonkho womwe wogula amadula polipira n'kukaupereka ku MRA m'dzina lanu. Sukulu yagula mpunga wa K2,000,000, ndipo ngati msonkhowo uli 3%, kubanki kwanu kufika K1,940,000. Wolemba mabuku akalowetsa zomwe zafika zokha, mu akawunti ya sukuluyo mutsala K60,000 yomwe idzakalamba mpaka wina adzati tiifufute. Iyi si ngongole yakufa. Ndi msonkho womwe mwalipiriratu, ndipo uyenera kusamutsidwira ku akawunti ya msonkho. Chofunika kulondola kusukuluko ndi satifiketi yake. Mudzaizindikira poona tizidutswa ting'onoting'ono totsala pa invoisi iliyonse, tonse tofanana peresenti.

China ndi ndalama zomwe zinalowa pa Airtel Money kapena Mpamba kuchokera pa nambala yosadziwika, mwina ya mkazi kapena mlamu wa kasitomala. Zili pa akawunti ya ndalama zosadziwika mwini, pomwe kasitomalayo akuoneka ngati sanalipire. Chinanso ndi mkangano wa katundu. Loji ikuti pa matumba 40 panafika 37, kapena kuti mpunga unali wosweka kwambiri ndipo anabweza matumba asanu. Ngati akunena zoona, mumawalembera pepala lochepetsa invoisi, ndipo zimenezo zimatsitsa malonda, osati kulowa ku ngongole zakufa.

Palinso wochedwa koma wolipira. Sukulu yomwe imadikira fizi ya temu yotsatira, kapena ofesi ya boma yomwe imadikira ndalama kuchokera ku Lilongwe, ikhoza kutha miyezi isanu ndi itatu koma n'kulipira yonse. Kuifufuta kungakhale kulakwa. Komabe musanene kuti palibe chomwe mwaluza, poti K1,000,000 yobwera chaka chamawa sigula matumba omwe ikanagula lero, ndipo IFRS 9 imawerengera kuchedwako ngati kuluza ngakhale ndalama idzabwere yonse.

Tamva mu Febuluwale kuti kasitomala wagwa, koma chaka chinatha mu Disembala. Zilowe chaka chiti?

Ngati mabuku sanasainidwe, nthawi zambiri zimalowa chaka chomwe chathacho. Bizinesi siigwa tsiku limodzi. Yomwe yatsekedwa mu Febuluwale kawirikawiri inali itadwala kale pa 31 Disembala, ndipo nkhaniyo yangotsimikiza zomwe zinalipo. Malamulo a IAS 10 amati zotere musinthe nazo ziwerengero za chaka chathacho. Zimasiyana ngati chomwe chagwetsa kasitomalayo chachitika chaka chitatha, monga shopu yomwe inali bwinobwino n'kupsa ndi moto mu Januwale. Pamenepo ziwerengero za Disembala sizisintha, koma ngati ndalamayo ndi yaikulu mumaifotokoza m'mawu otsagana ndi malipoti.

N'chifukwa chake maodita amapempha masitetimenti a banki a Januwale ndi Febuluwale. Akufuna kuona kuti mwa omwe anali ndi ngongole pa 31 Disembala, walipira ndani ndipo wangoti zii ndani.

Nanga MRA imazilandira zonse ziwiri?

Sizilandiridwa mofanana. Pa msonkho wa phindu, ngongole yakufa imachotseredwa ngati ndalamayo inawerengedwapo ngati malonda anu, ndiponso ngati muli ndi umboni wokhutiritsa kuti yafadi: makalata okumbutsa, kalata ya loya, chigamulo cha khoti, kapena chikalata choti bizinesiyo yathetsedwa. Alawansi ya peresenti, monga K840,000 yathu, ndi kuyerekeza chabe kosaloza munthu, ndipo powerengera msonkho imabwezeredwa pa phindu. Pa chifukwa chimenechi sungani alawansi ya pa dzina ndi ya peresenti m'mizere yosiyana, ngakhale pa balansi shiti zimaoneka ngati chiwerengero chimodzi. Ngongole yofufutidwa ikadzabwezedwa, ndipo munaichotsera kale pa msonkho, ndalamayo imalipitsidwanso msonkho chaka chomwe yabwera.

Ndalama zomwe mwini bizinesi anabwereka mphwake kuchokera m'kabati sizilowa m'gulu limeneli. Sizinakhalepo malonda, ndipo malo ake ndi akawunti ya zomwe mwiniwake watapa.

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Sitingangofufuta basi, osavutika ndi alawansi?

Ngati mumagulitsa pa kashi ndipo okongola ndi anthu asanu a ndalama zochepa, kusiyana kwake n'kochepa ndipo palibe amene angakuvuteni. Koma ngati gawo lalikulu la chuma cha bizinesi lili m'manja mwa makasitomala, kungofufuta kokha kumanamiza inu eni. Mu chitsanzo chathu, popanda alawansi chaka choyamba chikanaonetsa ngongole za K17,500,000 ndi phindu lokwera ndi K1,840,000. Ngati eni ake ndi awiri ndipo amagawana phindu mu Januwale, agawana ndalama zomwe sizidzabwera. Ngati ndi kopaletivi ya alimi a mpunga, mamembala alandira gawo lawo pa ziwerengero zotupa, ndipo komiti yolowa chaka chamawa ndi yomwe idzasenze manyazi.

Akubanki nawonso sapusitsika. Mukapita kukapempha ngongole yogulira mpunga nthawi yokolola, amapempha mndandanda wa okongola wogawidwa mwa ukalamba. Akaona ndalama zambiri zodutsa masiku 180 popanda alawansi iliyonse, amazichotsa okha m'mitu mwawo, ndipo amayamba kukayikira ziwerengero zina zonse.

Mbali inayo iliponso. Alipo omwe chaka chikakoma amakweza alawansi dala, kuti chaka chowawa adzaitsitse phindu lioneke losalala. Mudzawadziwa poona maperesenti osinthasintha popanda chifukwa cholembedwa. Peresenti ikasintha, pakhale pepala lofotokoza chomwe chasintha kwa makasitomala.

Ndani ayenera kuvomereza kuti ngongole ifufutidwe?

Asakhale munthu yemwe amatolera ndalama, ndiponso asakhale yemwe amalemba buku la okongola payekha. Chifukwa chake n'chakuti kufufuta ndi njira yosavuta yobisira kuba. Wotolera wapita ku Senga Bay, kasitomala wamupatsa K350,000 pamanja, risiti sanalembe kapena walemba m'buku lina. Kuofesi akuti bwanayo akungozengereza. Pakatha chaka ngongoleyo yakalamba, iye yemweyo ndi amene akuti amenewa sadzalipira, tiifufute. Ikafufutidwa palibenso amene adzatumize sitetimenti, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Alawansi ilibe ngozi imeneyi kwenikweni, chifukwa akawunti ya kasitomala imakhalabe yotsegula ndipo sitetimenti imapitabe. Tsiku lomwe kasitomala adzaione adzabwera ndi ukali kudzanena kuti analipira kalekale.

Choncho musanasaine kufufuta kulikonse, mwini bizinesi kapena wapampando wa komiti aimbe yekha foni kwa wokongolayo, kapena atume munthu wina yemwe sakhudzana ndi zotolera akaone ndi maso. Pa pepala lovomereza palembedwe dzina la kasitomala, manambala a ma invoisi, zomwe zinayesedwa ndi masiku ake, ndi alawansi yomwe inalipo kale pa dzina limenelo, kuti wolemba mabuku adziwe gawo lopita ku alawansi ndi gawo lopita ku zoluza. Mukaona kuti ngongole zofufutidwa zambiri zikuchokera njira imodzi, ya wotolera mmodzi, ndipo ndi za makasitomala omwe akugulabe kwa inu pa kashi, imitsani kaye kusainako mukawafunse makasitomalawo maso ndi maso, atulutse marisiti omwe ali nawo.